Chithunzi chasowa, ndalama zaperewera: nkhaniyi muikonze pati?

"Zikomo akonzi. Ndikulemba nkhani yaifupi ya mtsikana wa Sitandade 7 amene mayi ake ali ndi okala ku Kawale. Mayiwo atapita kumaliro, iye anajambula mitengo ya katundu pafoni, koma chithunzicho chinasowa, ndipo madzulo ndalama zinaperewera. Anzanga awiri amene awerenga akuti sikugwira mtima, ati ikuchita kuonekeratu kuti ndi yopeka. Ndikonze pati?" Wophunzira kulemba, Kawale.

Anzanuwo muwasunge, mlembi mnzanga, chifukwa anthu okuuza zoona pa zolemba zako ndi osowa. Nkhani zamtunduwu zikafika patebulo langa zimakhala zikudwala malo awiri. Chithunzi chimangosowa chokha ngati kuti chatengedwa ndi mphepo, ndipo ndalama zimangonenedwa kuti "zinaperewera zambiri" popanda woti n'kuziwerenga. Wowerenga wa ku Kawale, ku Mchesi kapena kwa Biwi amagula pa okala tsiku ndi tsiku, ndipo foni ali nayo m'manja. Mukamunamiza pa zinthu ziwirizi, sakhulupiriranso misozi ya mwanayo ngakhale mutailemba mwaluso bwanji.

Tiyambe ndi foniyo.

Chithunzi chojambulidwa ndi kamera ya foni nthawi zambiri sichisowa popanda dzanja la munthu. Chimakakhala mu foda ya `DCIM`, ndipo ngakhale wina atachifufuta, mafoni ambiri a masiku ano amayamba achisunga mu `Trash` kwa masiku pafupifupi 30. Ndiye mukangolemba kuti mlongo wake wamng'ono anachifufuta posewera, wowerenga wa Fomu 2 afunsa kuti nanga bwanji sanakayang'ane kumeneko, ndipo nkhani yanu yathera pomwepo. Ena amathawira ku WhatsApp, kuti chithunzicho chinatumizidwa ngati `View once`, chimene ukachitsegula kamodzi n'kutseka sichionekanso. Zimenezo zimachitikadi, koma pa nkhani yanu sizikuthandizani, chifukwa zikuchotsa mlandu pa mwanayo n'kuupereka kwa makina. Nkhani imene wolakwa ndi makina siigwira munthu mtima.

Ine ndikanasankha memori khadi. Mafoni otsika mtengo amene ali m'manyumba ambiri amadzaza msanga, choncho anthu amaika kamera kuti izisunga zithunzi mu khadi. Tsono mtsikana wanu, timutche Tadala, wasiyiridwa foni ya mayi ake tsiku lonse, chinthu chimene sichichitika kawirikawiri. Mnzake akubwera m'mamawa n'kumuuza za nyimbo zatsopano. Tadala akutapa K500 m'chitini, akuchotsa khadi, akumutuma mnzakeyo kwa mnyamata wobena nyimbo pamsika. Kompyuta ya mnyamatayo ikukana kuwerenga khadiyo bwinobwino, iye akudina `Format` osafunsa munthu, n'kudzazamo nyimbo. Khadi ikubwera ili ndi nyimbo zonse zimene ankafuna, koma mulibe chithunzi ngakhale chimodzi. Apa palibe `Trash` yoti n'kupitako, ndipo poti nyimbo zalembedwa pamwamba pa zakale, ngakhale wodziwa kubweza zofufutika angavutike nazo. Onaninso kuti sichinapite chithunzi cha mitengo chokha. Zapitanso zithunzi za mayi ake za ku chinkhoswe ndi za malemu agogo. Musazitchule kawiri, kamodzi kokha n'kokwanira, wowerenga azisunga yekha.

Mwaona chimene tapindula: chithunzi chasowa chifukwa cha chinthu chimene mwanayo anachifuna yekha, ndipo K500 yatuluka m'chitini. K500 imeneyo muisunge bwino, tiifunanso kutsogoloku.

Pali mabowo ena awiri oti mutseke msanga, aliyense ndi chiganizo chimodzi kapena ziwiri. Loyamba, n'chifukwa chiyani mayi sanangosiya pepala? Chifukwa mitengo ili mu kope lawo, ndipo kopelo muli ngongole za makasitomala ndi ndalama za banki m'khonde, salisiya m'manja mwa mwana. Achita kumuuza kuti, "Jambula tsamba ili, foni ndikusiyira." Lachiwiri, n'chifukwa chiyani Tadala sanaimbire azakhali ake amene ali kumaliro komweko, kapena kukafunsa pa okala yoyandikana nayo? Chifukwa akafunsa, funso lobwera nalo ndi lakuti, "Chithunzi chija chapita kuti?" ndipo yankho lake likudutsa pa K500 ija. Mantha amenewo ndi oona, mwana aliyense amawadziwa.

Tsopano tibwere pamene pali mtima wa nkhani yanu, pa masamu.

Funso loti mudzifunse ndi ili: mwana amene wakulira pa okala, amene mitengo amaidziwa kuposa matebulo a kusukulu, angalakwitse bwanji? Saiwala ayi. Vuto lake ndi lakuti akukumbukira bwino kwambiri mitengo yakale. Choncho nkhani yanu ikufunika sabata imene mitengo yangosintha kumene, ndipo sabata yotero simuchita kuipeka. Pa 9 Novembala 2023, tsiku Lachinayi, kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kufika pa K1,700. Tsiku lotsatira petulo anachoka pa K1,746 kufika pa K2,530 pa lita. Aliyense amene anali mu Lilongwe akukumbukira mmene zinalili m'mashopu opikulitsa a ku Area 2, cha ku Malangalanga: mtengo umene wauona m'mawa sunali wodalirika pofika mawa lake. Ikani nkhani yanu Loweruka pa 11 Novembala. Sukulu kulibe, dzuwa likuswa mtengo, mango ali mbwee m'misewu, ndipo mayi a Tadala anakapikula dzulo lake n'kukhala pansi usiku kulemba mitengo yatsopano asananyamuke ulendo wa ku Mitundu. Simufunika kufotokoza za chuma cha dziko. Mayi akangodandaula za mtengo wa minibasi pamene akumanga chitenje, wowerenga wadziwa kale nyengo yake.

Musadzaze nkhani ndi katundu yense wa mu okala. Tengani zinthu zitatu, ndipo chilichonse chigwire ntchito yakeyake. Manambala ndikupatsaniwa ndi a nkhaniyi, oti mugwirire ntchito. Mukafuna, khalani pansi ndi mayi wina wa okala kwanuko muwasinthe kuti afanane ndi zimene iye akukumbukira. Chachikulu n'chakuti agwirizane kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Choyamba ndi shuga, ndipo shugayo Tadala amugulitse molondola. Belo imakhala ndi mapaketi 20. Mayi apikula pa K36,000, kutanthauza K1,800 paketi, ndipo akugulitsa K2,000. Tadala akukumbukira mtengo umenewu chifukwa dera lonse likukamba za shuga. Wagulitsa mapaketi 9, ndalama yake K18,000. Shugayu ntchito yake ndi kumunyenga mwanayo. Atagulitsa mapaketi awiri atatu popanda vuto, akudziuza kuti chithunzi chija sichinali chofunika kwenikweni, zonse zili m'mutu. Wowerenga nayenso apuma pang'ono, ndipo ndi zimene mukufuna.

Chachiwiri ndi mazira. Thireyi imakhala ndi mazira 30. Kale dzira linali K200, koma tsopano thireyi apikula pa K6,000, ndiye K200 ija ndi mtengo wopikulira chabe, ndipo mayi alemba K250. Tadala akugulitsabe K200. Wagulitsa mazira 24 n'kulandira K4,800 m'malo mwa K6,000. Apa papita K1,200. Mazirawa ndi amene akupatseni chizindikiro cha masana, chinthu chimene nkhani zambiri za ongoyamba kumene zimasowa. Mtengo ukatsika molakwika, woyamba kudziwa si wogulitsa, ndi wogula. Mayi wina wophika zigumu ndi mandasi abwere kudzagula mazira awiri, amve mtengo, akhale chete pang'ono, kenako anene kuti, "Ndipatse khumi ndi awiri, mwanawe." Pakapita kanthawi atumenso mwana wake. Tadala akusangalala kuti lero malonda akuyenda kuposa masiku amene pamakhala mayi ake, pamene wowerenga wayamba kale kugwira m'mimba. Musamufotokozere wowerengayo chimene chikuchitika. Kukhala chete kwa mayi wa mandasi uja kwanena zonse.

Chachitatu, chimene ndimachikonda kwambiri, ndi mafuta ophikira oyeza. Amalonda ang'onoang'ono amadziwa kuti kasitomala wa K200 sungamuuze kuti lero ndi K250, chifukwa K200 yomweyo ndi imene ali nayo m'manja. Ndiye mtengo amausiya pomwepo, n'kuchepetsa muyezo. Kale lita imodzi inkatulutsa timachubu 20 ndi kakapu kakakulu. Tsopano mayi akufuna izitulutsa 25 ndi kakapu kakang'ono. Pa tsamba lija analemba kuti "mafuta K200, kakapu kofiira". Tadala akukumbukira K200, ndipo sakulakwa. Chimene chamuthawa ndi mawu awiri a kumapetowo. Dzanja lake likutenga kakapu kobiriwira kamene lazolowera. Pofika madzulo malita awiri atha m'chigubu, watulutsamo timachubu 40, ndalama yake K8,000, pamene anayenera kutulutsa 50 n'kupeza K10,000. Apa papita K2,000, ndipo kulakwitsa kumeneku ngakhale Tadala mwiniwake sangakuone, chifukwa kasitomala aliyense walipira ndendende ndalama imene anayenera kulipira.

Tiwonkhetse. M'mawa mayi anasiya chenje cha K2,000 m'chitini. Malonda a tsikulo anayenera kubweretsa K34,000, ndiye m'chitini muyenera kupezeka K36,000. Tadala walandira K30,800, kuphatikiza chenje chija K32,800, kuchotsapo K500 ya nyimbo, mwatsala K32,300. Zaperewera K3,700.

Mwina mukuona ngati ndalamayi ndi yochepa, mwina mukufuna kuikweza kuti nkhani ikhale yoopsa. Chonde musatero. Phindu la tsikulo linayenera kukhala K6,000: K1,800 pa shuga, K1,200 pa mazira, ndi K3,000 pa mafuta ngati lita anapikula pa K3,500. Latsala K2,300 basi. Kwa mayi amene wangowononga ndalama paulendo wa kumaliro, ndipo Lolemba akuyenera kukapikulanso pa mitengo imene mwina yakweranso, K3,700 ndi ndiwo ndi makala a masiku angapo. Mukalemba kuti mwana anataya K100,000 pa okala ya ku Kawale tsiku limodzi, mwabwereranso ku zopeka zimene anzanu akudandaula.

Tsono yang'anitsitsani K3,700 imeneyi, chifukwa nkhani yanu yonse yagona mmenemu. Ndalamayi ili pawiri. K3,200 ndi kulakwitsa, K500 ndi kuba. Tadala akakhala chete, mayi ake aganiza kuti waba zonse. Akafuna kudziyeretsa pa K3,200, ayenera kunena kuti chithunzi chinasowa, ndipo akanena zimenezo ayenera kunena mmene chinasowera, kutanthauza kuulula K500. Kuti achotse mlandu waukulu umene sanapalamule, ayenera kuvomera waung'ono umene anapalamuladi. Mwana wa zaka 12 kapena 13 ali pakati pa zinthu ziwirizi, dzuwa likulowa, minibasi ya ku Mitundu ili m'njira. Mukafika apa simufunikanso kuwonjezera mbava, ngozi ya njinga ya kabaza kapena bambo woledzera. Zimene muli nazo zakwana.

Gawo lowerengera ndalama ndi limene muyenera kulipatsa malo ambiri, mwina gawo limodzi mwa magawo atatu a nkhani yonse. Ndipo mulilembe mmene amalonda enieni amachitira. Mayi wa okala alibe malisiti. Sayamba n'kufunsa kuti wagulitsa zingati. Amayang'ana zimene zatsala. Maso ake amapita pa shelefu asanapite m'chitini. Ndikupatseni chitsanzo cha mmene ndikanayambira:

Mayi sanavule n'komwe nsapato. Anaika chikwama pa thumba la makala, n'kuyamba kuloza mapaketi a shuga ndi chala, milomo ikuyenda. Khumi ndi limodzi. Anakokera thireyi pafupi ndi nyali: mazira asanu ndi limodzi, atatu mbali iyi, atatu mbali iyo. Kenako ananyamula chigubu cha mafuta n'kuchiyang'anitsa kuwala, chala chachikulu chili pa kamzere kamene anakanda ndi mpeni m'mawa.

"Malonda anayenda, eti?"

"Anayenda, amayi."

"Bweretsa chitini."

Anayamba ndi ma K2,000, kuwaongola pa bondo, kenako ma K1,000, ma K500, mpaka timapepala totopa ta K50. Atamaliza anayambiranso. Ulendo wachiwiriwu ananyowetsa chala.

Onani kuti sindinalembe kuti Tadala anali ndi mantha, kapena kuti mtima wake unagunda kwambiri. Mayi amene akuwerenga ndalama kachiwiri atanyowetsa chala ndi woopsa kale kwa mwana aliyense amene anasiyiridwapo malonda. Onaninso mmene akulankhulirana: mwana akuti "amayi", mayi akungolamula mwachidule. Olemba ambiri achinyamata amaika m'kamwa mwa mayi wotopa chiganizo chachitali ngati cha mlaliki. Munthu amene wachoka kumaliro, wakhala pa mphasa tsiku lonse, wapanikizana m'minibasi, salankhula choncho.

Manambala onse ndakupatsani aja musawathire mu nkhani. Inuyo muwadziwe onse, muwalembe papepala pambali, koma wowerenga mumupatse ochepa, pa nthawi yake. Mtengo wa dzira aumve m'kamwa mwa Tadala masana. Kakapu kofiira akaone m'mawa, mayi akukatsuka n'kukaika pawindo popanda wonenapo kanthu, kenako masana aone dzanja la Tadala likutenga kobiriwira. Madzulo ayambe wamva manambala awiri okha, imene iyenera kupezeka ndi imene yapezeka. Wowerenga wachidwi adzabwerera m'mbuyo n'kuwonkhetsa yekha, ndipo akapeza kuti zikugwirizana, adzakukhulupirirani pa china chilichonse. Akapeza kuti mwaphonya ndi K100, adzaiwala kalembedwe kanu konse n'kumangokamba za K100 imeneyo. Choncho mukamaliza kulemba, mupatse munthu wogulitsa malonda kuti awerenge ali ndi cholembera m'manja.

Nanga nkhaniyi ithe bwanji? Njira yachidule imene ambiri amatenga ndi yakuti mayi akwapula mwana, kenako choonadi chidziwika, mayi apepesa, ndipo mlembi atseka ndi mwambi. Ndikukupemphani kuti muikane. Mayi amene wakhala pa okala zaka zambiri si wopusa, ndipo mukamulemba ngati wongokalipa mwamuchepetsa. Mulekeni agwiritse ntchito nzeru zake. Afunse kuti, "Dzira umagulitsa bwanji?" Tadala ayankhe, mayi alembe 1,200 m'mphepete mwa kope. Kenako maso ake agwere pa kakapu kobiriwira kamene kakadali konona mafuta, pamene kofiira kali pawindo kouma. Asafunse n'komwe, angolemba 2,000. Awonkhetse, apeze 3,200. Achotse pa 3,700. Pa tsambapo patsale 500, ndipo cholembera chiime pamenepo.

Ndi masamu a mayiwo amene amuchotsera mwana mlandu wa kuba zambiri, ndipo ndi masamu omwewo amene avundukula K500. Chimene chatsala n'chakuti Tadala anena kapena sanena, ndipo apo ndi panu, mlembi. Mukhoza kumulola kuti aulule yekha asanafunsidwe. Mukhoza kuchititsa kuti mayi atenge foni kuti aone tsamba lija, m'malo mwake mutuluke nyimbo. Ine ndikanakonda yachiwiriyi, chifukwa ikugwiritsa ntchito chinthu chimene munachibzala kale m'mawa, komanso ikutsegula bala la zithunzi za agogo zija popanda inu kulitchula. Koma musachite zonse ziwiri, ndipo musapitirire mpaka mawa lake kukationetsa kuti anakhululukirana.

Mawu amodzi okhudza mayi wa mandasi uja. Mudzayesedwa kuti mumubweretse madzulo atanyamula K600 ya mazira 12 aja, kudzabweza chifukwa chikumbumtima chamuvuta. Zoterezi zimachitika m'madera mwathu, sindikukana, koma mu nkhani yaifupi zimafewetsa zinthu mofulumira kwambiri ndipo zimachotsa maso a wowerenga pa mwana ndi mayi ake. Ngati mukumufuna kuti aonekenso, angodutsa pamsewu n'kupereka moni wa "Mwayenda bwanji kumaliro?" osaima. Nayenso ali ndi ana oti awadyetse, ndipo ufa wa mandasi wamukwereranso sabata yomweyo. Musamuweruze, ndipo musamuyeretse.

Mukamalembanso, yambirani pamene mayi akutsegula kope kuti Tadala ajambule, osati pamene tambala akulira kapena pofotokoza mbiri ya banja lonse. Ndime ziwiri zoyamba zikhale ndi kope, foni, chitini ndi timakapu tiwiri tija. Khadi ichoke m'foni tsamba loyamba lisanathe. Mukatero mudzapeza kuti nkhani yonse ikukwana m'mawu 1,500 kapena kucheperapo, ndipo mukawapatsanso anzanu awiri aja, muwafunse funso limodzi lokha: anazindikira pa ndime iti kuti mafuta akuyezedwa ndi kakapu kolakwika. Akati anazindikira pamodzi ndi mayi, kapena pang'ono chabe mayi asanazindikire, mwaika kakapuko pamalo pake. Akati anaona kalekale m'mawa, mwakaonetsa kwambiri, chepetsani mawu pamenepo. Akati sanamvetse n'komwe mpaka mutawafotokozera pakamwa, bwererani pa ndime ya pawindo ija muwonjezere chiganizo chimodzi.